Mchere Susungunuka Ngati Kandulo: Zochita Mawu a Sayansi Akasowa

Mphunzitsi aliyense wa maphunziro a zilankhulo ziwiri adzapezeka tsiku lina ali ndi buku la sayansi la Chipwitikizi patebulo, kope lopanda kanthu pambali pake, ndi ana oyembekezera kumva phunzirolo m'Chichewa m'mawa mwake. Mabuku a m'zilankhulo zathu safika paliponse, ndipo kumene afika sakwanira ana onse. Chiyambire pamene njira imeneyi inayesedwa pansi pa PEBIMO, pakati pa 1993 ndi 1997, m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, mphunzitsi wa m'kalasi sanasiyane nayo ntchito yomasulira. Dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa inu amene mukuphunzira uphunzitsi ndi lakuti: "Mawu ake kulibe."

Maganizo athu ndi akuti mawu amene kulibeko si amene ayenera kukuopsani kwambiri. Mawu akasowa, cholembera chimaima chokha, womasulira n'kudziwa kuti pali vuto. Oopsa ndi mawu amene amabwera msanga, omveka bwino m'khutu, koma osadula malire pamene sayansi ikudula. Mwana amawalandira mosavuta chifukwa ndi a kwawo, ndipo amalandira nawo limodzi tanthauzo limene phunzirolo linabwera kudzakonza. N'chifukwa chake tikukana njira ziwiri zachidule zimene ambiri amathamangira: kubwereka mawu onse a Chipwitikizi n'kuwaveka kalembedwe ka Chichewa, ndi kutola mawu oyamba a Chichewa amene afika m'mutu. Tiona zimenezi pa mutu umodzi wokha, wa madzi ndi kusintha kwake, umene tinaumasulira ndi gulu lina la ophunzira uphunzitsi.

Buku la Chipwitikizi lili ndi mawu awiri osiyana. Oyamba, amene timawamva ngati "fuzawu", amanena za chinthu cholimba chimene chasanduka chamadzimadzi chifukwa cha kutentha: kandulo woyaka, mafuta oundana mu poto, matalala pa dzanja. Achiwiri, "disolusawu", amanena za chinthu chimene chalowerera m'madzi mpaka kusaonekanso: mchere mu ndiwo, shuga mu tiyi. Gulu lathu silinataye nthawi pa mawu amenewa. Onse awiri linawamasulira kuti "kusungunuka", ndipo palibe amene akanalitsutsa, pakuti ndi mmene timalankhulira. Kandulo amasungunuka, mchere umasungunuka.

Vuto linaoneka phunzirolo litafika kwa ana. Mphunzitsi anafunsa kuti, "Kodi n'chiyani chimasungunula mchere mu ndiwo?" Ana ambiri anayankha kuti ndi moto. Yankholo linatuluka m'chiphunzitso chathu chomwe. Tsamba loyamba linali litawauza kuti kusungunuka kumachitika chinthu chikatenthedwa, ndiwo zimakhala pamoto, choncho moto ndiwo wasungunula mchere. Ana anaganiza molondola kuchokera pa mawu amene tinawapatsa. Koma mchere wa m'ndiwo ukhoza kukhala mu poto wouma pa mafuwa tsiku lonse osasanduka wamadzimadzi, pakuti umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti utero. M'madzi ozizira a m'chitsime umalowerera popanda moto uliwonse: madzi okwana mamililita 100 amalandira pafupifupi magalamu 36 a mchere, ndipo mukapitirira pamenepo wotsalawo umangokhala pansi. Kandulo ndiye wosiyana nawo kwenikweni. Lawi laling'ono limamusungunula, koma mukaika chidutswa chake m'madzi ozizira mudzachipeza chili chomwecho sabata yamawa.

Apa m'pamene pali phunziro loyamba la womasulira. Musanafunse kuti mawu awa ndi chiyani m'Chichewa, funsani kuti mutuwu ukusiyanitsa chiyani ndi chiyani. Werengani mutu wonse kufikira mafunso a kumapeto, ndipo lembani pambali zinthu zimene mwana ayenera kutha kuzilekanitsa akamaliza. Ngati mawu awiri a m'buku agwera pa mawu amodzi a Chichewa, imani pomwepo. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo sikungakuonetseni zimenezi, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha chimaoneka chokhoza.

Nanga tinachita chiyani? Wina anati tibwereke onse awiri, tizinena "fuzawu" ndi "disolusawu". Tinakana, ndipo chifukwa chake tichifotokoza bwino kutsogoloku. Wina anakumbukira mawu akuti "kuyenga", monga timanenera za kuyenga mafuta kapena kuyenga chitsulo m'ng'anjo za makolo athu. Mawuwa anatikopa, popeza moto uli kale m'kati mwake. Komabe kuyenga kumatanthauzanso kuchotsa zosafunika kuti patsale chabwino, ndipo palibe amene anganene kuti matalala ayengeka pa dzanja la mwana. Tinawasiya.

Chimene chinatithandiza ndi kapangidwe ka mneni wa Chichewa. Timanena kuti "kandulo wasungunuka" ndipo chiganizo chatha. Koma tikanena kuti "mchere wasungunukira", khutu limadikira, likufuna kumva kuti wasungunukira m'chiyani. Kachidutswa ka "-ira" kamaitana chinthu chachiwiri, ndipo kusiyana kumene sayansi ikufuna n'komweko: pa kandulo pali chinthu chimodzi chimene chasintha maonekedwe, pa mchere pali zinthu ziwiri zimene zasakanikirana. Tinagwirizana tsono kuti m'mutu wonsewo tizilemba "kusungunuka ndi kutentha" pa choyamba, ndi "kusungunukira m'madzi" pa chachiwiri, osafupikitsa ngakhale kamodzi. Tinawonjezeranso funso limene mwana angadzifunse yekha: kodi chasungunuka chokha, kapena chalowerera m'chinthu china?

Sitikunena kuti njirayi ilibe chilema. Munthu akhoza kunena m'Chichewa chabwinobwino kuti kandulo wasungunukira pa tebulo, ndipo pamenepo "-ira" akungosonyeza malo. Chovuta kwambiri ndi madzi oundana oikidwa m'kapu ya madzi. Maso amati asungunukira m'madzi, koma sayansi imati asungunuka ndi kutentha kumene atenga m'madzi a m'kapumo, pakuti madzi oundana amayamba kusungunuka pa digiri 0 kaya ali m'kapu kaya ali pa mbale youma. Chitsanzo chimenechi sitinachibise. Tinachiika kumapeto kwa mutu monga funso lokambirana, ndipo chinakhala njira yabwino yodziwira amene wamvetsa ndi amene wangoloweza. Mawu a sayansi m'chilankhulo chilichonse amatengedwa pa malankhulidwe a tsiku ndi tsiku n'kupatsidwa malire opapatiza, ndipo malirewo amakhazikika ndi zitsanzo zimene mphunzitsi wasankha, makamaka zitsanzo za zinthu zimene zili kunja kwa malire.

Mawu achiwiri amene anatinyenga ndi "nthunzi". Bukulo likuti madzi a m'zovala zoyanikidwa amapita m'mlengalenga ngati "vapori", ndipo tonse tinalemba kuti nthunzi. Koma nthunzi imene mwana wa ku Ulongwe kapena ku Metangula amaidziwa ndi yoyera ija yotuluka mu poto wa nsima, imene amaiona ndi maso ndipo imawotcha. Pa zovala zoyanikidwa saiona. Akamva kuti madzi a m'malaya ake asanduka nthunzi, amachita chimodzi mwa ziwiri: amaloweza chiganizocho osachikhulupirira, kapena amabwerera ku zimene amamva kunyumba, zakuti dzuwa lamwa madziwo.

Chodabwitsa n'chakuti choyera chimene timachiona pamwamba pa poto si chimene buku likunena. Yang'anani ketulo yowira pafupi ndi kukamwa kwake. Pali kampata kakang'ono pamene sipaoneka kanthu, ndipo choyera chija chimayamba patsogolo pake. M'kampata kameneko ndimo muli madzi amene ali ngati mpweya, osaoneka. Akakumana ndi mpweya wozizirirapo amabwerera kukhala timadontho tating'onoting'ono, ndipo timadonthoto ndito timaoneka toyera, monga nkhungu ndi mitambo. Kotero mawu athu akuti nthunzi, mmene timawagwiritsira ntchito kukhitchini, akuloza chinthu chimene chayamba kale kubwerera ku madzi. (Wolankhula Chipwitikizi naye ali ndi vuto lomweli pa mawu ake, kungoti buku silimuuza.)

Ena anafuna kuti tithawe mawuwa n'kulemba "mpweya wa madzi". Pali nzeru pamenepo, chifukwa mpweya suoneka. Koma "mpweya" wasenza kale katundu wambiri m'mabuku athu: ndi umene timapuma, ndi umene uli mu tayala la njinga, ndiponso ndiwo tikuugwiritsa ntchito potchula mtundu wachitatu wa zinthu, pambali pa zolimba ndi zamadzimadzi. Kuuwonjezera ntchito ina m'mutu womwewo kukanasokoneza. Tinasankha "nthunzi yosaoneka", ndipo tinasintha dongosolo la phunziro kuti ana ayambe aona kampata ka pa ketulo, ali chapatali ndithu, asanamve mawuwo. Kusintha dongosolo kotereku ena amakuona ngati kupyola malire a womasulira. Ife tikuti ndi mbali ya ntchito yake. Buku la Chipwitikizi linalembedwa poganizira zimene mawu a Chipwitikizi amabweretsa m'mutu mwa mwana, ndipo mawu a Chichewa amabweretsa zina.

Tingokumbutsako pang'ono amene adzapereka zolemba zawo kwa wotaipa: "nthunzi" ndi "mthunzi" zimasiyana ndi chilembo chimodzi. Tinaonapo pepala limene linkaphunzitsa ana kuti madzi akawira amasanduka mthunzi.

Pa "evaporasawu" panali msampha wa mtundu wina. Mawu amene anafika msanga ndi "kuuma" ndi "kuphwa". Taonani mmene timanenera: nsalu yauma. Chiganizocho chikuyang'ana nsalu, ndipo za madzi sichinenapo kanthu, pamene phunziro lonse likufunsa kumene madziwo apita. "Kuphwa" kuli pafupi, popeza timati madzi aphwa, koma chithaphwi chimaphwa m'njira ziwiri: madzi ena amalowa pansi, ena amakwera kumwamba. Mwana akamva kuti madzi aphwa, nthawi zambiri amaganiza za kulowa pansi. Kuti mudziwe chimene ana anu akumva, thirani masupuni awiri a madzi pa mbale ziwiri zachitsulo, ina muivundikire ndi kapu yagalasi, ndipo muziike padzuwa. Pa mbale yachitsulo madzi alibe kolowera. Yosavundikira idzauma, ndipo m'kati mwa kapu ija mudzaoneka timadontho. Mukatero funsani kuti madzi a mbale yoyamba apita kuti, ndipo mvetserani mawu amene anawo adzagwiritse ntchito. Nthawi zina mawu amene mukuwafuna amatuluka pakamwa pawo.

Ife tinalemba kuti "madzi asanduka nthunzi yosaoneka", ndipo pa "kondensasawu" tinalemba kuti "nthunzi yabwerera kukhala madzi", n'kupereka zitsanzo za mame a m'mawa ndi madontho a pansi pa chivundikiro cha poto. Onani kuti pamene Chipwitikizi chili ndi dzina, ife taika mneni. Chipwitikizi cha m'mabuku chimakonda kusandutsa zochitika kukhala mayina, pamene Chichewa chimanena zochitika ndi aneni, ndipo womasulira amene akuumirira kuti dzina likumane ndi dzina amayamba kupeka mawu achilendo amene ngakhale agogo a mwanayo sangawazindikire. Mukafuna mutu wa ndime kapena mawu olemba pa chithunzi, "ku-" alipo: kusanduka nthunzi, kubwerera kukhala madzi.

Tsopano tibwere kwa amene amatsutsa maganizo amenewa, pakuti mfundo zawo si zopepuka. Iwo amati: mwana ameneyu adzapitiriza sayansi m'Chipwitikizi m'makalasi apamwamba, mayeso ake adzakhala a m'Chipwitikizi, ndiye bwanji osamupatsa mawu a Chipwitikiziwo lero? Amatinso "kusungunuka ndi kutentha" ndi mawu atatu pamene "fuzawu" ndi amodzi, ndipo sayansi imafuna mawu achidule.

Yankho lathu ndi lakuti mawu a Chipwitikizi mwana ayenera kuwapatsidwa ndithu, koma pambuyo, chinthucho atachigwira kale. Chiganizo chakuti "fuzawu ndi pamene solidu isanduka likidu" chili ndi kalembedwe ka Chichewa, koma mwana sangachiyese ndi chilichonse chimene amachidziwa. Sangachitsutse, sangachifunsire funso, angathe kungochibwereza. Ndipo choopsa chake kwa mphunzitsi n'chakuti kubwerezako kumamveka ngati kudziwa. Pamene tinalakwitsa ndi "kusungunuka", cholakwacho chinaonekera tsiku lomwelo, chifukwa ana anali ndi mawu oganizira nawo, ndipo anatiuza kuti moto ndiwo umasungunula mchere. Tikanabwereka, akanayankha mafunso onse a m'buku bwinobwino, ndipo maganizo akuti moto umasungunula mchere akanakhalabe m'mutu mwawo osakhudzidwa. Choncho m'mutu wathu, ndime iliyonse ikatha kufotokoza ndi kuyesa, pamabwera mzere umodzi wonena kuti m'Chipwitikizi zimenezi zimatchedwa mwakuti, mawuwo atalembedwa monga alili m'buku la Chipwitikizi, kuti mwana adzawazindikire akadzakumana nawo. Za kutalika kwa mawu sitikuzikana. N'zoona, ndipo pa bolodi zimatopetsa. Mawu amafupika okha akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri ndi anthu ambiri, koma kuwafupikitsa lero, tanthauzo lisanakhazikike, ndiko kubwerera ku "kusungunuka" kumodzi kuja.

Kubwereka kuli ndi malo ake, ndipo pano tikusiyana ndi anzathu amene amafuna Chichewa chopanda mawu obwera. Pamene chinthucho n'chatsopano, chopanda chofanana nacho m'moyo wa mwana, bwerekani. Mpweya umene moto umafuna kuti uyake, umenenso thupi limatenga tikamapuma, ena amaumasulira kuti "mpweya wabwino". Kumasulira kumeneku kumasocheretsa, chifukwa mpweya wabwino kwa mwana ndi kamphepo kayaziyazi ka pansi pa mtengo, ndipo mpweya umene tikunenawu ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a mpweya wotizungulira. Apa dzina lobwereka ndi loona mtima: likuuza mwana kuti ichi ndi chinthu chimene sanachidziwe. Muyezo wathu ndi wotere: zochitika zimene mwana waziona ndi maso, monga kusungunuka, kuwira ndi kuundana, zifotokozedwe ndi aneni a Chichewa, mayina a zinthu, a zida ndi a miyezo zimene zabwera ndi sayansi, monga digiri ndi lita, abwerekedwe.

Funso lotsatira ndi lakuti tibwereke kuchokera kuti. Ambiri a inu mwawerengapo mabuku a ku Malawi kapena kumvera wailesi za kumeneko, ndipo mawu akuti "okosijeni" mumawadziwa. Mawu amenewo anachokera ku Chingerezi, chifukwa mwana wa ku Dedza adzapitiriza maphunziro ake m'Chingerezi. Mwana wa ku Angoniya, ngakhale amalankhula chimodzimodzi ndi mnzake wa tsidya linalo la malire, adzapitiriza m'Chipwitikizi. Pa mawu enieni a Chichewa, mabuku a ku Malawi ndi chuma chathu tonse ndipo tiziwafunsa. Pa mawu obwereka, tibwereke ku Chipwitikizi, tilembe "okisijeniyu", kuti mlatho ukafike kumene mwanayo akupita. Ndipo ngati buku lovomerezeka la Chinyanja la kalasi imeneyo lili kale ndi mawu ake, tsatirani amenewo ngakhale mukuona kuti anu ndi okoma. Mwana amene wasintha mphunzitsi sayenera kusinthanso mawu. Mukaona kuti mawu a m'bukulo akusocheretsa, onjezerani chitsanzo chowongola, ndipo nkhaniyo muitengere ku msonkhano wa aphunzitsi a m'dera lanu.

Chimene timapempha gulu lililonse lomasulira ndi kope la mawu, losungidwa pasukulu osati m'thumba la munthu mmodzi. Pa mawu aliwonse mulembe a Chipwitikizi, a Chichewa amene mwasankha, chitsanzo chimodzi cha chinthu chimene chili m'kati mwa tanthauzo, ndi chimodzi cha chinthu chofanana nacho koma chili kunja. Pa "kusungunukira m'madzi", m'kati muli mchere, kunja kuli kandulo. Mulembenso mawu amene munawakana ndi chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo panu asadzataye tsiku lonse pa "kuyenga". Mukamaliza kumasulira, perekani tsambalo kwa mnzanu amene sanaone buku la Chipwitikizi kuti alibwezere m'Chipwitikizi. Akakubwezerani mawu amodzi pamene buku linali ndi awiri, mwapeza pamene malire afufutika. Koma muyeso weniweni ndi funso limene yankho lake mulibe m'tsambalo, lofunsidwa kwa ana: shuga ali mu tiyi wozizira, kodi adzatani? Mafuta ophikira akaundana m'nyengo yachisanu, tingawabwezere bwanji?

M'mutu womwewu muli mawu awiri amene gulu lathu silinagwirizanepo mpaka lero. Chipwitikizi chimasiyanitsa kutentha kumene kumachoka pa moto kulowa m'madzi, ndi muyezo wosonyeza kuti madziwo atentha kufika pati. Ife zonsezi timati kutentha. Kusiyanako kumafunika pofotokoza kuwira: madzi akayamba kuwira, moto umapitiriza kuwapatsa kutentha, koma muyezo sukweranso. M'mbali mwa nyanja yamchere umaima pa madigiri 100, ndipo kumtunda kwa Angoniya, kumene kuli pamwamba kupitirira mamita 1000, umaima pafupi ndi 96. Tikalemba kuti "madzi akulandira kutentha koma kutentha kwake sikukukwera", mwana adzati tadzitsutsa tokha. Pakadali pano tikulemba "kutentha" pa choyamba ndi "muyezo wa kutentha" pa chachiwiri. Ena mwa ife akuona kuti mawu achiwiriwa akuloza chida choyezera osati chimene chikuyezedwa, ndipo akufuna kuti apa tibwereke. M'kope lathu la mawu, mzere umenewu udakali wolembedwa ndi pensulo.